Phindu la Bekale ya ku Joni Monga Tinaliwerengera pa Chithunzi cha Pafoni

Ndimagwira ntchito yolemba mabuku a ndalama pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Johannesburg, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi Amalawi anzanga a m'gulu lathu losonkherana ndalama amanditumizira pepala lililonse lokhala ndi manambala kuti ndiliwerenge. Limene ndikufuna kukufotokozerani ndi la bekale ina yaing'ono, imene mwini wake ankafuna kuti gulu lathu liikemo R200,000 ndipo iye atipatse gawo limodzi mwa magawo asanu a kampaniyo. Anajambula lipoti la pachaka la zolowa ndi zotuluka n'kulitumiza pa WhatsApp, ndipo mawu ake anali akuti malonda akula, phindu nalonso lakwera, pepalalo likudzinenera lokha. Ndikudziwa kuti zithunzi zotere zimafikanso kwa inu kumudziko, kuchokera kwa achibale ofuna mpamba kapena kumakopaletivi, choncho ndalemba mwatsatanetsatane mmene tinaliwerengera.

Pepalalo linali m'Chingerezi, ndipo pafoni linkaoneka motere:

```
R'000                  2025     2024
Revenue               2 400    1 800
Cost of sales        (1 680)  (1 170)
Gross profit            720      630
Other income             90        -
Operating expenses     (540)    (430)
Operating profit        270      200
Finance costs           (70)     (20)
Profit before tax       200      180
Taxation                (54)     (49)
Profit for the year     146      131
```

Munthu asanagwire kakyuleta ayenera kutsimikiza kuti akuwerenga zimene zinalembedwadi, pakuti chithunzi chimanama m'njira zake. Choyamba chimene tinalandira chinali chodukira pamwamba, ndipo tinapempha china, chifukwa mutu wa pepala ndiwo umanena nthawi imene manambalawo akuimira komanso muyezo wake. Kachizindikiro ka R'000 kakutanthauza kuti nambala iliyonse iyenera kuwonjezeredwa maziro atatu, motero 2 400 ndi R2,400,000. Kuno anthu ambiri amasiya kampata pamene ife timaika koma polekanitsa masauzande, ndipo manambala a m'mabulaketi ndi ochotsera. Mzere wotsika wa kumanzere ndi wa chaka chatsopano, chotha pa 28 Febuluwale 2025, wa kumanja ndi wa chaka chapitacho. Amene wazolowera kuwerenga zaka kuyambira kumanzere akhoza kuona bizinesi yokwera ngati yotsika.

Pepalalo linajambulidwa litapindika, ndipo kuwala kwa babu kunagwera pa mzere wachiwiri, moti ena m'gulu ankawerenga 1 630 pomwe ena ankati ndi 1 680. Mkangano wotere sufuna maso akuthwa, chifukwa lipoti la mtundu uwu limadzitsimikizira lokha: mzere woyamba kuchotsapo wachiwiri uyenera kupereka wachitatu. 2 400 kuchotsapo 720 ndi 1 680, ndiye nkhani inathera pomwepo. Ndinakopera manambala onse papepala langa ndi kubwereza masamu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo zonse zinagwirizana. Ngakhale msonkho unali wolondola, popeza 54 ndi 27 peresenti ya 200, umene ndi msonkho wamba wa makampani ku South Africa kuno. Manambala akakana kugwirizana pa mayeso amenewa, ndiye kuti mwina mwawerenga molakwa, kapena pepalalo linakonzedwa ndi munthu wofuna kuti lioneke bwino.

Mwini bekale sananame. Malonda anachoka pa R1,800,000 kufika pa R2,400,000, ndipo phindu lomaliza linachoka pa R131,000 kufika pa R146,000. Komabe funso la munthu wofuna kuikamo ndalama zake ndi lakuti, pa R100 iliyonse imene yalowa m'kabati, ndi zingati zimene zikutsala? Yankho limapezeka pogawa phindu ndi ndalama zonse za malonda, kenaka kuchulukitsa ndi 100, ndipo masamuwa amachitika pa malo atatu a pepalalo.

Malo oyamba ndi mzere wachitatu, umene ukuonetsa zotsala mukachotsa mtengo wa zopangira buledi zokha, monga fulawa, yisiti, shuga, mafuta ndi mapepala okulungira. M'chaka cha 2024, 630 kugawa ndi 1 800 kunapereka 35 peresenti. M'chaka cha 2025, 720 kugawa ndi 2 400 kunapereka 30 peresenti. Kutsika kwa 5 peresenti kumaoneka kochepa pakamwa, koma pa malonda a R2,400,000 ndi R120,000 imene ikanakhalapo bekaleyo ikanasunga muyezo wake wakale. Pano pamasokoneza amalonda ambiri, ndipo mwini bekaleyo anatsutsa kuti iye amawonjezera zoposa 40 peresenti pa mtengo wopangira. Nayenso ankanena zoona, popeza 720 kugawa ndi 1 680 ndi pafupifupi 43 peresenti, kungoti iye ankagawa ndi mtengo wopangira pamene ife tinkagawa ndi ndalama za malonda. Amene wagula chinthu K700 n'kuchigulitsa K1,000 wawonjezera 43 peresenti, koma pa K1,000 imene walandirayo yake ndi K300 yokha, ndipo lendi ndi malipiro a antchito zimachoka pa K300 imeneyo.

Chimene chinandiimitsa kwambiri chinali kuyang'ana malonda owonjezerawo paokha. Bekaleyo inagulitsa buledi wa R600,000 kuposa chaka chapitacho, koma phindu la pa mzere wachitatu linangokwera ndi R90,000. Izi zikutanthauza kuti malonda atsopanowo anabweretsa R15 pa R100 iliyonse, pamene akale ankabweretsa R35. Titafunsa, mwini wake anafotokoza kuti anayamba kupikulitsa buledi ku timashopu ta m'makomboni, timene kuno timatchedwa masipaza, pa mtengo wotsika, ndipo buledi wosagulidwa ankamulandiranso n'kupereka wina. Kuti afikire timashopu timeneti anagula galimoto yatsopano pangongole n'kulemba dalaivala. Zolipira za tsiku ndi tsiku zinakwera ndi R110,000, chiwongoladzanja chinakwera ndi R50,000, zonse pamodzi R160,000, pofuna kupeza R90,000. Pepala silikunena kuti kukwera konseko kunabwera chifukwa cha kupikulitsako, popeza lendi ndi magetsi zimakwera pazokha, koma likukwanira kuti munthu afunse.

Nanga phindu lomaliza linakwera bwanji? Yankho lili pa mzere wachinayi, umene chaka chapitacho unali wopanda kanthu. R90,000 ya pamenepo sinachokere ku buledi, koma inali phindu la pogulitsa galimoto yakale, ndiye kuti kusiyana kwa mtengo umene anaigulitsira ndi mtengo umene inali nao m'mabuku. Galimoto imagulitsidwa kamodzi. Mukaisiya R90,000 ija momwemo, malo achiwiri a masamu athu, amene ndi phindu la pa ntchito ya bizinesi chiwongoladzanja ndi msonkho zisanachotsedwe, amaoneka osasintha: 270 kugawa ndi 2 400 ndi 11.3 peresenti, poyerekeza ndi 11.1 peresenti ya chaka chapitacho. Mukaichotsa, 180 kugawa ndi 2 400 ndi 7.5 peresenti. Ine ndimaona kuti mzere wachinayi uja ndi umene uyenera kufunsidwa mafunso ambiri pa lipoti lililonse, makamaka ukatulukira mwadzidzidzi m'chaka chimene mwini bizinesi akufunafuna oikamo ndalama.

Malo achitatu ndi mzere wotsiriza. Monga zinalembedwera, 146 kugawa ndi 2 400 ndi 6.1 peresenti, kutsika kuchoka pa 7.3 peresenti. Popanda galimoto ija, phindu msonkho usanachotsedwe likanakhala R110,000, msonkho pafupifupi R30,000, zotsala R80,000, zimene ndi 3.3 peresenti ya malonda. Bizinesi imene ikusunga R3 yokha pa R100 ilibe pothawira, chifukwa mtengo wa zopangira utakwera ndi 7 peresenti, mtengo wa buledi osasintha, phindu lonse likhoza kutha: 7 peresenti ya R1,680,000 ndi R117,600, yoposa R110,000 ija.

Tinawerengeranso mphamvu ya bekaleyo yolipira chiwongoladzanja, pogawa phindu la pa ntchito ndi chiwongoladzanja cha pachaka. Chaka chapitacho 200 kugawa ndi 20 kunapereka 10, kutanthauza kuti phindu linali lokwana kulipira chiwongoladzanja kakhumi. Tsopano, popanda phindu la galimoto ija, 180 kugawa ndi 70 kukupereka 2.6. Sikuti bizinesi yagwa, koma tiyenera kukumbukira kuti lipoti ili limaonetsa chiwongoladzanja chokha. Ndalama zobwezera ngongole yeniyeniyo sizioneka pa tsamba limeneli, ngakhale kuti zimatuluka mwezi ndi mwezi.

Kwa gulu lathu masamu omaliza anali osavuta. Gawo limodzi mwa asanu la R146,000 ndi R29,200, zimene ndi 14.6 peresenti ya R200,000 yathu. Gawo lomwelo la R80,000 ndi R16,000, zimene ndi 8 peresenti, ndipo izi zikanatifika pokhapokha ngati phindu lonse likanagawidwa, chinthu chimene bizinesi yokhala ndi ngongole ya galimoto singachite. Mayi wina wa m'gulu mwathu, amene amasunga thumba la gululo, anafunsa kuti, “Kodi achimwene, malipiro a mwini wakeyo alimo m'manambalawa?” Funsoli linali lolemera kuposa maperesenti anga onse, pakuti mwini bizinesi akamagwira ntchito usiku wonse osadzilemba pa malipiro, gawo lina la chimene chikutchedwa phindu limakhala malipiro ake amene sanatenge.

Kwa inu amene mukuwerenga malipoti a m'makwacha pali chenjezo lowonjezera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera kwambiri, ndipo sitolo imene malonda ake m'makwacha anakula ndi gawo limodzi mwa atatu m'nyengo imeneyo mwina inagulitsa katundu wochepa kuposa kale. Maperesenti a phindu sanyengeka msanga chifukwa pamwamba ndi pansi pa kugawako pali ndalama za chaka chimodzi, komabe amene anagulitsa katundu wogulidwa pa mtengo wakale amaoneka ngati wapindula kwambiri, mpaka tsiku lokaodanso. Musayerekezenso peresenti ya bekale ndi ya chigayo kapena ya golosale, popeza bizinesi iliyonse ili ndi muyezo wake. Yerekezani bizinesi ndi zaka zake zam'mbuyo, kapena ndi inzake yogulitsa zofanana.

Tsamba limodzi silinatiuze ngati masipaza aja analipira buledi amene anatenga, chifukwa malonda amalembedwa katundu akaperekedwa ngakhale ndalama isanafike. Silinatiuzenso kukula kwa ngongole ya galimoto, kapena ngati kampaniyo ili ndi ngongole kwa ogulitsa fulawa. Choncho gulu linagwirizana kuti lisatulutse ndalama, ndipo tinalembera mwini bekale kuti atitumizire tsamba loonetsa katundu ndi ngongole za kampani, masitetimenti a kubanki a miyezi 6, mndandanda wa masipaza amene ali ndi ngongole pamodzi ndi nthawi imene ngongole iliyonse yakhala, komanso malonda a pakauntala atalekanitsidwa ndi opikulitsa. Tinapempha kuti tsamba lililonse alijambule ataliyala patebulo, masana, ngodya zonse zinayi zikuoneka.