Mafuta akayaka m'chiwaya cha chipisi: madzi kapena chivundikiro?

Ogulitsa chipisi pamsika wa Mzuzu amakhala ndi ndowa ya madzi pambali, ndipo mafuta akagwira moto, dzanja limathamangira komweko. Ndowayo ndi yoopsa. Madzi amalemera kuposa mafuta, ndiye amamira pansi pa chiwaya. Pamenepo mafuta atentha kupitirira madigiri 300, madzi aja amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuwaza mafuta oyaka kumaso, pamalaya ndi pabenchi la mnzanu.

Chivundikiro chachitsulo chimagwira ntchito ina. Moto umafuna zinthu zitatu, choyaka, kutentha ndi mpweya, ndipo chivundikirocho chimautsekera mpweya. Chilowetseni chopendeketsa kuchokera kumbali yanu kuti chikutchingireni kumaso, kenako phulani nkhuni pansi pa chiwaya. Musavundukule msanga kuti muone ngati wazima. Mafuta akadali otentha amayakanso akangopeza mpweya, choncho dikirani mphindi 30.

Amene ali ndi lesitilanti agule chozimitsira moto cholembedwa F kapena Wet Chemical, chopangidwira mafuta ophikira. Cha CO2 chimapemerera mwamphamvu, chingathe kumwaza mafutawo, komanso sichiwaziziritsa mokwanira. Madzi asungireni moto wa nkhuni, mapepala ndi makatoni.