Avereji ya sipidi: yophatikiza n'kugawa pawiri kapena ya hamoniki?

Anzanga oyendetsa magalimoto, pali njira ziwiri zomwe anthu amawerengera avereji ya sipidi paulendo ndipo zimapereka mayankho osiyana. Titenge lole yochoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu pa M1, mtunda tingoti makilomita 120 kuti samu isavute. Popita ili yopanda kanthu ikuthamanga 60 pa ola, pobwera yadzadza matumba a chimanga ikungokwawa pa 30.

Njira yoyamba ndi ija tonse timathamangira, 60 kuphatikiza 30 n'kugawa pawiri, yankho 45. Ndiyachangu, umawerengera m'mutu momwemo. Koma tayang'anani wotchi. Popita pa 60 mwatha maola awiri, pobwera pa 30 mwatha maola anayi, onse pamodzi maola 6 pa makilomita 240, ndiye 240 kugawa ndi 6 ikutipatsa 40 osati 45. Amene wauza bwana wake kuti tiyenda pa 45 walonjeza maola 5 ndi mphindi 20, ndiye kuti achedwa ndi mphindi 40 zathunthu, mwini katundu ali ku Kanengo kuimba foni kuti kodi muli pati.

Njira yachiwiri ndi yomwe a masamu amati avereji ya hamoniki. Ngati mitunda iwiriyo ndi yofanana, a akhale sipidi ya popita ndipo b ya pobwera, imalembedwa chonchi

```
2ab / (a + b)
2 × 60 × 30 / (60 + 30) = 40
```

Chomwe imakhozera iyiyi n'choti sipidi yotsika ija mumakhala nayo nthawi yaitali. Pa maola 6 aja, anayi singano inali pa 30, awiri okha ndi omwe inali pa 60, ndiye sizingatheke kuti ziwirizi zilemere mofanana, yankho liyenera kupendekera kwa 30. Yophatikiza ija imangoona manambala awiri osafunsa kuti iliyonse mwakhala nayo maola angati.

Sikuti yoyambayo ndi yolakwika nthawi zonse ayi. Mukayenda ola limodzi pa 60, ola linanso pa 30, mwayenda makilomita 90 m'maola awiri ndipo 45 ndi yoona. Ndiye funsani kaye kuti chofanana n'chiyani, ikakhala nthawi phatikizani n'kugawa, ukakhala mtunda tengani ya hamoniki.

Ine mwa ziwirizi ndimasankha ya hamoniki chifukwa maulendo athu ambiri ndi a kupita n'kubwera msewu womwewo. Komabe nayonso ili ndi polekezera. Fomula ili pamwambayi siigwira ngati mitunda yasiyana, ndiponso siidziwa za theka la ola lomwe mwaima parodibuloko kapena pamene mukupakira matumba. Zikatero werengani makilomita onse, mugawe ndi maola onse kuyambira ponyamuka mpaka pofika, kuima konse kuli momwemo.