Mapepala a Viza ya ku Mangalande: Mmene Ndinatayira Mapaundi 3,000 ndi Miyezi Isanu ndi Itatu

Ndikulemba kuchokera kuno ku Mangalande komwe ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Pa foni yanga sipadutsa sabata popanda wina wakumudzi kundifunsa kuti, "Achemwali, mapepala ake ndi ati kuti nanenso ndibwere?" Mndandanda wake aliyense amaudziwa: pasipoti, mayeso a Chingerezi, satifiketi ya TB, kalata ya kupolisi, sitetimenti ya ku banki ndi chilolezo chochokera kwa bwana. Chimene palibe anandiuza n'chakuti mapepala ambiriwa ali ndi tsiku lake lothera mphamvu, ndipo ukayamba ndi lolakwika, ena amakuwolera m'manja ukudikira.

Mu Febuluwale 2023 ndinalipira ejenti wina mapaundi 3,000, ndalama za malo amene mayi anagulitsa kuphatikiza katapila. Anati ndi za Certificate of Sponsorship, imene tonse timangoti CoS, ndipo ituluka pakatha masabata atatu. Anandifulumizitsa kuti ndikayezetse TB ndi kutenga kalata ya kupolisi sabata yomweyo. Ndinathamanga ngati moto wagwira chitenje. Masabata atatu anasanduka miyezi itatu. Kenako ananditumizira pa foni chikalata chokongola, chodinda chidindo, akuti CoS ndi imeneyo, koma ndiwonjezere mapaundi 400 oti "aitsegulire".

Abale anga, CoS si chikalata chodinda chidindo, ndipo siigulitsidwa. Ndi nambala imene bwana wokhala ndi laisensi amakutulutsira m'makina a boma la Britain, ndipo nambalayo ndi imene umalemba pa fomu ya viza. Nthawi imeneyo bwana ankalipira boma mapaundi 199 okha kuti aitulutse. Mapaundi 199! Ine ndinapereka 3,000 kwa dobadoba amene analibe ngakhale nyumba imodzi ya okalamba. Satifiketi ya TB imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi basi. Pofika Seputembala yanga inali itafa, ejenti uja atasiya kuyankha foni, katapila akubereka ana.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire amene amathandiza anthu kulemba mafomu. Ndinapita kwa iwo nditanyamula envelopu yanga yonse, ndipo asanaitsegule n'komwe anandifunsa kuti, "Mwanawe, dzina la kampaniyo unaliona pa mndandanda wa boma?" Ndinalibe yankho. Anatsegula gov.uk, webusaiti ya boma la Britain, n'kufufuza Register of licensed sponsors, mndandanda waulere wa mabwana onse ololedwa kuitanitsa antchito akunja. Dzina limene linali pa chikalata changa munalibemo. Sizinatenge mphindi zisanu. Anandiuzanso kuti ngakhale dzinalo likadapezeka ndikadayenera kuimbira kampaniyo ndekha pa nambala yofufuza ndekha, chifukwa akuba amabwereka mayina a makampani enieni. Mayiwa anangolandira kandalama ka mafomu, n'kundilembera risiti, ndipo anakanitsitsa kundilonjeza ntchito.

Ulendo wachiwiri ndinatsata dongosolo limene anandipatsa. Choyamba ndi zokhalitsa: pasipoti yokhala ndi zaka zingapo kutsogolo, ndi mayeso a Chingerezi, amene zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri. Pamenepa chenjerani, pa mayeso a IELTS pali mtundu wa UKVI, wovomerezedwa ndi ofesi ya boma la Britain yoona za maviza, umene viza imafuna, ndipo ndikudziwa mnzanga amene analemba mtundu wamba, anakhoza bwino, koma n'kulembanso ndi ndalama zina. Pa nthawi yomweyo onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi paliponse. Kwathu ku Malawi timakonda kukhala ndi dzina lina pa satifiketi ya MSCE, lina pa chiphaso cha unzika. Konzani zimenezo mukadali ndi mpata.

TB ndi kalata ya kupolisi zidikire mpaka mwachita intavyu ndi bwana weniweni, mwamuona nkhope, ndipo wakutumizirani kontirakiti. TB muyezetse ku chipatala chokhacho chimene boma la Britain linavomereza, za kwina sazilandira. Kalata ya kupolisi imafunika ya dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposa pa zaka 10 zapitazi. Inu amene munakhalako ku Joni, yambani msanga kufunsira ya kumeneko, musaganize kuti ya ku Malawi yokha ikwanira. CoS ikangotuluka mumakhala ndi miyezi itatu yoti mufunsire viza.

Sitetimenti ya ku banki ndiyo inatsala pang'ono kundigwetsanso. Lamulo linkafuna ndalama zokwana mapaundi 1,270 zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Abale anasonkha, tinaika makwacha okwanira. Ndiye mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zomwe zija, zosakhudzidwa ndi munthu, zinasanduka zoperewera, chifukwa a ku ofesi ya maviza amawerengera mtengo wa paundi wa tsiku limene ukufunsira viza. Chinandipulumutsa n'chakuti pa CoS pali malo amene bwana angavomereze kuti adzakusamalira mwezi woyamba, ndipo akatero sitetimenti sifunikanso. Ndinapempha, anavomera. Funsani zimenezi CoS isanatuluke. Viza yokhayo inanditengera mapaundi 284, ndipo viza yangayi, ya zaumoyo ndi chisamaliro, silipiritsa ndalama zina za chipatala zimene ofunsira maviza ena amalipira. Wina akakuuzani kuti mulipire, funsani kuti zikupita kwa ndani.

Pepala limene ndinaliwerenga mothamanga ndi kontirakiti, ndipo ndi limene landipweteka nthawi yaitali. Tsamba loyamba linali ndi maola 39 pa sabata. Chakumapeto kunali ndime yakuti ndikachoka zaka zitatu zisanathe ndibweze mapaundi 4,000 a "maphunziro ndi zolowera". Nditafika, miyezi yoyamba ankandipatsa maola 20, lendi ya kachipinda akudula pa malipiro omwewo. Werengani mpaka tsamba lomaliza, ndipo yerekezani maola ndi malipiro a mu kontirakiti ndi amene alembedwa pa CoS. Zikasiyana, musasaine. Dziwaninso kuti bwana akalandidwa laisensi, kawirikawiri mumapatsidwa masiku 60 okha kuti mupeze wina kapena muchoke.

Pa tsiku la ulendo mapepala onse enieni akhale m'chikwama cha m'manja. Chikwama changa chachikulu chinafika patatha masiku anayi, ndipo pa eyapoti anandifunsa dzina la bwana ndi adiresi yokagona. Jambulani lililonse musunge pa imelo, kope ina musiyire m'bale kumudzi. Pasipoti musamupatse bwana kuti "akusungireni". Aione, aijambule, akubwezereni pomwepo.

Tsopano inu amene mukufuna kugulitsa munda chifukwa mwaona zithunzi zathu titavala majekete pa chipale, ndimvereni. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 ofunsira viza ya ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kutenga mwamuna, mkazi kapena ana. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 njira imeneyi inatsekedwa kwa ofunsira kuchokera kunja. Manesi ali ndi njira yawo, koma aliyense amene akukutsatsani lero CoS ya ntchito ngati yangayi muli ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akufuna kukuberani. Sabata yatha mwana wa azakhali anga ananditumizira chikalata chodinda chidindo, atalipira kale theka. Ndamuuza kuti asatumizenso tambala, asunge mauthenga onse ndi marisiti, mawa apite nazo kupolisi.