Kuwala kukonzedwe LUT isanafike kapena itadutsa?

Vidiyo yojambulidwa mu S-Log3, njira yojambulira ya makamera a Sony, imaoneka yotuwa, ndipo LUT, fayilo yotembenuzira vidiyoyo ku Rec.709, mlingo wa mitundu ya pa TV, ndiyo imabwezera mitundu. Koma pa ukwati umene ndinajambula ku Katoto, LUT imodzimodziyo inaoneka bwino panja pa mitambo ya Juni, pamene m'tchalitchi nkhope zinada ndi kufiirira chifukwa cha mababu.

Njira yoyamba ndi kuyika LUT pa nodi yoyamba, kutanthauza sitepe yoyamba yokonzera chithunzi, mu pulogalamu ya DaVinci Resolve, kenaka n'kukonza kuwala pambuyo pake. Njirayi ndi yachangu, ndipo imakwanira ngati kuwala kunayezedwa bwino pojambula. Vuto lake n'lakuti LUT ikadula mbali zowala kwambiri, zimene zadulidwazo sizibwereranso. Diresi la mkwatibwi linasanduka chigamba choyera chopanda ulusi, ndipo nditatsitsa Gain, mzere wophwatalala pa Waveform, chida choonetsa milingo ya kuwala, unangotsika osatambasuka, chizindikiro chakuti zatayika.

Njira yachiwiri, imene ndimaikonda, ndi kuyika nodi yokonzera patsogolo pa LUT, chifukwa LUT imayembekezera kulandira kuwala kwa mlingo umodzi: mu S-Log3, khadi lotuwa la 18% liyenera kukhala pafupi ndi 41 IRE pa Waveform. Pa zithunzi zapanja, zimene ndinaziwalitsa dala, ndinatsitsa Offset, umene umasuntha kuwala kwa chithunzi chonse, mpaka maluwa a pa diresi ataonekanso. M'tchalitchi ndinaukweza, ndipo ndinakankhira Temp ku buluu, pakuti kamera inali pa 5600K pamene mababuwo anali pafupi ndi 3200K. Malire alipo ndithu, chifukwa m'mene ndinakweza Offset kwambiri, timadontho tinayamba kunyanyuka m'masuti akuda a aperekezi.