Alamu ya utsi ndi alamu ya kutentha: iti ikhale chipinda chiti?

Munthu akagula alamu imodzi yochenjeza za moto, amathamangira kukaiika kukhitchini, poti ndi kumene kumayaka moto tsiku ndi tsiku. Sipapita masabata awiri, alamuyo imakhala italira kangapo iye akungokazinga nyama, ndipo tsiku lina amakwera pampando n'kuchotsa batire. Kuyambira pamenepo nyumba imagona yopanda mlonda. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa alamuyo sinalakwe. Inali ya utsi, koma inaikidwa pamalo a inzake ya kutentha.

Mukaziona padenga ziwirizi zimangofanana, zonse ngati timbale toyera tapulasitiki. Kusiyana kuli m'kati.

Alamu ya utsi imene ndimalimbikitsa ndi yoyendera kuwala. M'kati mwake muli kachipinda kamdima, momwe kababu kakang'ono kamawala molunjika mbali imodzi, ndipo kadiso koona kuwalako kali pambali, posafika kuwala. Utsi ukalowa, tinthu take timamwaza kuwala kuja, kwina n'kugwera pa kadiso, alamu n'kulira. Mtundu umenewu umamva msanga moto wongonyeka wopanda malawi, monga wa siponji ya sofa, matiresi kapena waya wotentha. Palinso mtundu wina wokhala ndi kachidutswa kochepetsetsa ka chitsulo chotchedwa amerishiyamu-241, kamene kamachititsa kuti mpweya wa pakati pa tizitsulo tiwiri uzidutsa magetsi ochepa. Utsi ukalowa magetsiwo amatsika ndipo alamu imalira. Uwu umafulumira pa moto wamalawi, koma suchedwa kulira ndi kautsi ka pophika.

Alamu ya kutentha ilibe nawo ntchito utsi. Ili ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa mpweya, ndipo zambiri zimalira mpweya wa padenga ukafika madigiri pafupifupi 58. Zina zimaliranso kutentha kukakwera mofulumira, pafupifupi madigiri 8 pa mphindi imodzi. Choncho nthunzi ya mphika, fumbi ndi utsi wa mafuta siziidzidzimutsa. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo kufooka kwake kwagonanso pomwepo: kuti denga lifike madigiri 58, moto umakhala utakula kale.

Tayerekezani kuti ndi usiku, onse agona, ndipo pabalaza wina wasiya foni ikutchajidwa pasofa. Tchaja yatentha, nsalu yayamba kunyeka, kenako siponji. Moto woterowo ungathe nthawi yaitali ukungofuka, malawi osaoneka. Chipinda chimadzaza utsi wakuda wokhala ndi mpweya wapoizoni wa kaboni monokisaidi, koma padenga pakadali pofunda pang'ono chabe. Alamu ya kutentha ili chete, ndipo ikhala chete mpaka sofayo itabuka malawi. Panthawi imeneyo utsi wadzaza kale kolido imene anthu akanathawira. Tisadzinamize kuti fungo litidzutsa, chifukwa munthu ali m'tulo mphuno siimudzutsa, ndipo mpweya wapoizoniwo umangomufooketsa. Ambiri amene amafa nyumba ikapsa amaphedwa ndi utsi, malawi asanawafike n'komwe. Alamu ya utsi ikanalira sofa ikadali kufuka, njira yotulukira ikuonekabe.

N'chifukwa chake sindingavomere kuti alamu ya kutentha ilowe m'malo mwa ya utsi kuchipinda chogona, pabalaza kapena mukolido, ngakhale wogulitsa atanena kuti "iyi siivutitsa ndi kuliralira".

Kukhitchini nkhani imatembenuka. Moto wa kumeneko nthawi zambiri ndi wa mafuta oiwalidwa pa sitovu. Akagwira moto, malawi amakwera msanga ndipo kutentha kumafika padenga posachedwa, motero alamu ya kutentha siichedwa kwambiri. Chachikulu n'chakuti imakhala zaka osalira pachabe, ndiye palibe amene amaichotsa batire, ndipo tsiku limene yalira aliyense amadziwa kuti zavuta. M'galaja ndi chimodzimodzi, poti utsi wa galimoto ndi fumbi zimasokoneza alamu ya utsi. M'bafa musaike iliyonse, chinyezi chimaziwononga.

Tsono titenge nyumba ya zipinda zogona zitatu, yokhala ndi kolido ya mamita 6, balaza, khitchini yachitseko ndi galaja yogundana ndi nyumba. Ngati ndalama zikukwana alamu imodzi yokha, ikhale ya utsi ndipo iikidwe mukolido, osapitirira mamita 3 kuchokera pa zitseko za zipinda zogona, kuti phokoso lipyole chitseko chotseka. Yachiwiri, ya utsinso, ipite pabalaza. Yachitatu ndiyo ya kutentha, kukhitchini, ndipo yachinayi ya kutentha m'galaja. Zipinda zogona zilandire za utsi, makamaka chimene munthu amagona atatseka chitseko, muli hita kapena zinthu zotchajidwa. Moto ukayambira m'chipinda chotseka, utsi umachedwa kufika pa alamu ya mukolido, pamene wogonayo akuupuma kale. Nyumba ikakhala yosanja, nsanjika iliyonse ikhale ndi alamu yake ya utsi, ina pamwamba pa masitepe.

Pamakhala vuto khitchini ndi balaza zikakhala chipinda chimodzi chopanda khoma pakati. Apa ikani ya kutentha mbali yophikira, ndipo ya utsi, yoyendera kuwala ija, ikhale kutali ndi sitovu mamita osachepera 3, mbali ya mipando. Ikamalirabe mukamaphika, isuntheni italikire, musaichotse batire. Zambiri zili ndi batani loitontholetsa kwa mphindi zingapo, kenako imayambanso yokha kulondera.

Malo enieni padenga nawonso ndi nkhani. Utsi ndi mpweya wotentha zimakwera n'kuyala padenga, koma m'makona mpweya suyenda bwino. Ikani alamu chapakati pa siling'i, masentimita osachepera 30 kuchokera kukhoma kapena pa babu, kutali ndi fani, zenera ndi polowera mpweya. Ya utsi imalondera bwino mpaka mamita pafupifupi 7.5 kuchokera pamene ili, pomwe ya kutentha imalekeza pa mamita 5 ndi pang'ono, ndiye m'khitchini yaitali iyandikire mbali ya sitovu, koma osati pamwamba penipeni pa mapoto.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachiona kuti n'choyenera ndalama zake kuposa china chilichonse, ndicho kulumikiza maalamu, kaya ndi waya kaya opanda waya, kuti imodzi ikalira zonse zilire. Alamu imalira mwamphamvu, madesibelo 85 munthu ataima mamita 3, koma ya m'galaja ili kuseri kwa makoma ndi zitseko ziwiri kapena zitatu. Payokha ingalire mpaka kusungunuka, inu osamva kanthu. Popeza ya kutentha imalira moto utakula kale, mphindi iliyonse yotayika pamenepo ndi yowawa.

Kasamalidwe kake n'kofanana. Dinani batani loyesera kamodzi pa mwezi, ndipo ngati n'zolumikizana yendani nyumba yonse mumve ngati zonse zayankha. Musayese ya kutentha ndi machesi kapena kandulo, mungoiwononga. Kakulira kamodzikamodzi kobwereza pafupifupi mphindi iliyonse kamatanthauza kuti batire latha mphamvu. Ya utsi ikayamba kulira popanda chifukwa, nthawi zambiri m'kachipinda kaja mwalowa fumbi kapena kangaude, ndiye ipukuteni m'timipata take, ndipo popenta nyumba musaipake penti. Ikapitirizabe, itsitseni muone kumbuyo kwake, pamene pamalembedwa tsiku limene inapangidwa kapena loyenera kuisintha. Ikakwana zaka 10 gulani ina, ngakhale ikulirabe mukadina batani, chifukwa pa maalamu ambiri batanilo limangotsimikizira kuti batire ndi kolirira zili bwino, pamene kadiso ka m'kati kangakhale katachita khungu ndi fumbi.