Miyezi 14 ndi laputopu ya kaunjika: 8 GB inandifikitsa pati

"Achemwali, wogulitsa akuti ya 8 GB ndi yokwanira, koma mnzanga akuti popanda 16 GB ndidzalira. Ine zanga ndi maasayimenti basi, kungoti ndimatsegula matabu ambirimbiri. Ndigule iti?"

Uwu ndi uthenga wa mng'ono wanga amene wangosankhidwa kumene kupita kuyunivesite. Ndinamuyankha kuti agule laputopu ya RAM ya 8 GB, bola ikhale ndi SSD komanso malo owonjezerapo RAM ina mtsogolo. Yankholi sindinalitole m'mutu. Laputopu yanga, ThinkPad T480 ya kaunjika yokhala ndi Core i5 ndi SSD ya 256 GB, ndakhala nayo miyezi 14: miyezi 8 yoyamba ili ndi 8 GB, miyezi 6 yotsatira ili ndi 16 GB. Makina ndi omwewo, mwini wake ndi yemweyo, ndiye kusiyana kwake ndikukudziwa bwino.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ogulitsa sanena. Pa 8 GB ija, si yonse imene imakhala yanu. Ndikangoyatsa, ndisanatsegule kalikonse, Windows 11 ndi timapulogalamu todziyatsa tokha zimakhala zitatenga kale pafupifupi 3.5 GB. Zotsala ndi 4 GB ndi kakusefukira, ndipo m'menemo ndi momwe Word, Chrome ndi zina zonse ziyenera kukwana. N'chifukwa chake laputopu ya 4 GB sindiikambako n'komwe. Microsoft imati 4 GB ndi mlingo wotsikitsitsa woti Windows 11 iyake, koma kuyaka ndi kugwira ntchito ndi nkhani ziwiri.

Semesita yoyamba yonse inadutsa popanda dandaulo. Tsiku wamba ndinkakhala ndi Word, mafayilo a PDF atatu kapena anayi, Zotero yosungira mabuku amene ndawerenga, ndi matabu 15 mpaka 20 mu Chrome. Ndikayang'ana, RAM inkakhala itadzaza kufika 80 peresenti kapena kuposerapo, ndipo poyamba mtima unkagunda. Kenako ndinazindikira kuti nambala imeneyo payokha siopsa. RAM ili ngati lichero pamene SSD ili ngati nkhokwe: lichero lodzaza si vuto, vuto limayamba pamene muyenera kumathamangira kunkhokwe pa dzanja lililonse la chimanga. RAM ikachepa, Windows imayamba yafinya zina mwa zimene zilimo, kenako n'kusamutsira zina mu fayilo yotchedwa `pagefile.sys` pa disiki. Pa SSD kusamutsako kumachitika mwachangu moti mumangomva kukakamira pang'ono. Mnzanga wa m'chipinda anali ndi 8 GB yomweyo koma pa hadi disiki yakale yozungulira ija, ndipo yake inkaima ngati yakomoka pa ntchito imene yanga inkangotsokomola.

Za matabu, ndinaphunzira kuti kuwawerenga n'kudzinamiza. Mukakhala mu Chrome, dinani `Shift + Esc` ndipo mudzaona mndandanda wa zimene tabu iliyonse ikudya. Kwa ine, tsamba la nkhani yolembedwa chabe limakhala pansi pa 100 MB, koma Gmail, Google Docs yokhala ndi chikalata chachitali, WhatsApp Web ndi YouTube chilichonse chimafika 300 MB kapena 500 MB, makamaka chikakhala chotsegula tsiku lonse. Ndiye matabu 25 a nkhani zowerenga amatha kupepuka kuposa matabu 6 amtundu winawo. M'mndandanda womwewo ndinapezamo tizowonjezera tiwiri timene ndinaika mu Chrome kalekale n'kutiiwala, tikungodya mwakachetechete. Ndinatichotsa.

Chrome ili ndi njira yotchedwa `Memory Saver`, imene imapezeka mu `Settings` kenako `Performance`. Imagoneka matabu amene simunawakhudze kwa nthawi, n'kubweza RAM yawo. Imagwiradi ntchito, ndipo ndi imene inkandilola kusunga matabu 40 pa 8 GB. Koma ili ndi mtengo wake umene ife ogula bandulo timaumva: tabu yogona mukaibwerera imadzitsegulanso, ndipo nthawi zambiri imafuna intaneti. Usiku wina netiweki itathawa, ndinabwerera ku nkhani imene ndinaisiya yotsegula masana kuti ndidzawerenge, n'kupeza tsamba loyera. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene ndikufunadi kuwerenga ndimachitsitsa kukhala PDF, ndipo masamba ochepa ofunika ndimawalemba pa `Always keep these sites active`.

Mpanipani weniweni unabwera mwezi wachisanu ndi chiwiri, nditayamba kafukufuku wa chaka chomaliza. Ndinkagwiritsa ntchito zotsatira za Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16, fayilo ya amayi, imene ili ndi amayi 24,562. Chiwerengero chimenecho n'chaching'ono, koma makolamu ake ndi masauzande angapo. Pulogalamu yosanthulira deta yotchedwa R imanyamula deta yonse n'kuiika mu RAM, ndipo nambala iliyonse yotere imatenga mabayiti 8. Tiwerengere ndi makolamu 4,000 okha: 24,562 kuchulukitsa ndi 4,000 kuchulukitsanso ndi 8 zikupereka pafupifupi 786 MB. Ndipo ine, posadziwa, ndinkasunga yoyambirira, ina yoyeretsa, ina yophatikiza ndi fayilo ina. Makope atatu, 2 GB yapita ndi kupitirira.

Tsiku limene ndinagonja ndikulikumbukira. Ndinali pa Zoom ndi aphunzitsi ondiyang'anira, ndikuwaonetsa sikirini yanga. RStudio, pulogalamu yoyendetsera R, inali yotsegula ndi makope aja, Word ili ndi mutu wachitatu wa kafukufuku, Chrome ili ndi matabu 31. Atandiuza kuti nditsegule tebulo lina, ndinadina ndipo panapita masekondi ngati khumi kalikonse kosasuntha. Ndikalemba mawu, zilembo zinkabwera mochedwa ngati zikuchokera kudimba. Iwo anangoti, "Mayi, muli pomwepo?" Ine manyazi.

Titamaliza sindinatseke kalikonse. Ndinadina `Ctrl + Shift + Esc` kuti nditsegule Task Manager, n'kupita pa `Performance`, kenako `Memory`. Pa `In use` panali 7.2 GB mwa 7.9 GB, pa `Available` panatsala pafupifupi 600 MB, ndipo `Committed` inali itadutsa 11 GB. Nambala yomalizayi ndi imene ndimaiyang'ana kwambiri tsopano, chifukwa imasonyeza zonse zimene Windows yalonjeza mapulogalamu, kuphatikiza zimene zakankhidwira pa disiki. Ikaposa RAM yanu pang'ono palibe chodetsa nkhawa, popeza mapulogalamu amapempha zambiri kuposa zimene akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Koma ikaposa ndi 3 GB, `Available` ili pansi pa 1 GB, ndipo `Disk` ikudumpha nthawi iliyonse mukasintha windo, ndiye kuti RAM yachepadi. Zikakhala kuti `Available` ili ndi 2 GB kapena kuposa koma makina akuchedwabe, wolakwa ndi wina: pulosesa, kutentha, kapena intaneti.

Ndinene chilungamo, theka la vuto lija linali langa. Pa makolamu masauzande aja ndinkafunapo ochepa chabe. Mnzanga wina anandionetsa izi:

```r
library(haven)
amayi <- read_dta("amayi.dta",
  col_select = c(v012, v025, v106, v190))
```

Apa mukutenga zaka za mayi, kaya amakhala kumudzi kapena m'tauni, maphunziro ake, ndi gulu la chuma cha pabanja. Makolamu anayi pa amayi 24,562 safika ndi 1 MB yomwe. Mzere umodzi umenewu unandibwezera RAM yambiri kuposa kutseka matabu onse. Ndikanaudziwa msanga, mwina ndikanakoka ndi 8 GB mpaka kumapeto, ngakhale movutikira.

Komabe ndinawonjezera, chifukwa ndinatopa ndi kukhala mlonda wa makina. T480 ili ndi malo awiri olowetsa RAM, ndipo patsamba lomwelija la `Memory` panalembedwa `Slots used: 1 of 2`. Ndinagula kandodo kena ka 8 GB, DDR4 ya laputopu imene amaitcha SO-DIMM, ya liwiro la 2400 kufanana ndi kamene kanalimo. Samalani apa: DDR3L ya makina akale ndi DDR4 zili ndi kamng'alu pamalo osiyana, sizilowana, ndipo kukakamiza n'kuthyola. Makinawa ali ndi batire ina m'kati, choncho ndinayamba ndaizimitsa mu BIOS ndisanamasule chivundikiro chapansi. Ntchito yonse sinapitirire mphindi 20.

Miyezi 6 ya 16 GB yandionetsa zimene sindinayembekeze. Pa ntchito yomweyo ya Zoom, RStudio, Word ndi matabu 30, `In use` imakhala pakati pa 9 GB ndi 10.5 GB, ndipo sindinaionepo ikudutsa 12 GB. Tanthauzo lake n'lakuti chimene ndinkasowa chinali 2 GB kapena 3 GB yokha, osati 8 GB yonse. Kukakamira posintha mawindo kunatheratu, `Memory Saver` ndinaizimitsa, ndipo tabu ya dzulo ndimaipeza mmene ndinaisiyira. Zimenezo zokha ndi zimene ndinagula. Makina sayaka mwachangu kuposa kale, Word satseguka mwachangu kuposa kale, fani imalirabe pa Zoom, ndipo intaneti ya kuhositelo ikadali yomwe ija. Pa tsiku la kulemba ndi kuwerenga chabe, mutandibisira sindingadziwe ngati muli 8 GB kapena 16 GB.

Ena sayenera kudikira monga ndinachitira ine. Wophunzira zamakompyuta amene adzatsegula Android Studio ndi foni yake yoyeserera, kapena kuyendetsa Linux mu VirtualBox, ayambire pa 16 GB, chifukwa makina achiwiriwo amadula gawo lalikulu la RAM kukhala lawolawo. Chimodzimodzi wojambula mapulani a nyumba kapena wosanthula zithunzi zikuluzikulu za mapu. Wa zamalamulo, uphunzitsi, unamwino kapena zamalonda, 8 GB imufikitsa kutali. Za 32 GB, m'kalasi mwathu palibe amene ankachita ntchito yoifuna.

Msampha umene ndinauzemba mwamwayi ndi wa RAM yowotcherera. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi RAM yomatidwa pa bolodi, yosachotseka ndiponso yosawonjezereka. MacBook Air ya M1 ndi chitsanzo, mmene mwaigulira ndi mmene idzakhalire. Ngakhale mayina ofanana amapusitsa: T480s, imene yangosiyana ndi yanga ndi chilembo chimodzi, ili ndi gawo lina lowotcherera ndi malo amodzi okha owonjezera. Ngati makina ndi osawonjezereka, pamenepo ndiye ndimati 16 GB kuyambira tsiku loyamba, chifukwa zaka zinayi n'zambiri.

Mng'ono wanga ndamuuza kuti asapereke ndalama asanayatse makinawo pamaso pa wogulitsa, n'kuona `Slots used` ndiponso ngati pa `Disk` palembedwa SSD. Nambala ya malo olowetsa ija nthawi zina imanama, ndiye afufuzenso dzina lenileni la makinawo, kapena apemphe wogulitsa atsegule pansi aone ndi maso. Wanditumizira chithunzi dzulo: 8 GB, SSD, `1 of 2`, ndipo pachithunzi chachiwiri malo achiwiriwo akuoneka opanda kanthu. Akaitenga Loweruka.