Maola Atatu Ongopitirira, Mphindi 25, kapena Zigawo Ziwiri: Kuteteza Ntchito ya Kumapeto kwa Mwezi

Wowerengera ndalama pa bungwe laling'ono amakhala ndi ntchito imodzi kumapeto kwa mwezi imene siyendera limodzi ndi phokoso, ndiyo kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki. Tinene kuti ntchitoyi imafuna maola atatu, ndipo pa ofesiyo pamabwera madalaivala ofuna ndalama ya mafuta, ogulitsa katundu ofunsa za macheke awo, komanso mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa abwana. Pali njira zitatu zimene anthu amagawira tsiku lotere.

Yoyamba ndi kutseka chitseko kuyambira 7:30 mpaka 10:30 m'mawa. Pa ntchito yokhayo, njirayi imaposa zinzake, chifukwa munthu amene akufufuza chifukwa chake mabuku akusiyana ndi K48,500 amasunga manambala angapo m'mutu, ndipo akadukizidwa amabwerera kukayambira kumwamba kwa tsamba. Kafukufuku wa Sophie Leroy wa mu 2009 anasonyeza kuti munthu akasiya ntchito isanathe, maganizo ake ena amatsalira komweko pamene wayamba ina. Vuto ndi lakuti maola atatu ndi ambiri kwa dalaivala amene ayenera kunyamuka 9 koloko. Adzagogoda ndithu, ndipo munthu wamkulu akaodira pakhomo simungamuyankhe muli chowerama pa kompyuta. Mukaona kuti anthu ayamba kudzera kwa abwana kuti akutsegulitseni chitseko, dziwani kuti njirayi yalephera.

Yachiwiri ndi ya Pomodoro, imene anayambitsa Francesco Cirillo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: kugwira ntchito mphindi 25, kupuma mphindi 5, ndipo pakatha zigawo zinayi kupuma kwa nthawi yotalikirapo. Mlendo sadandaula kudikira mphindi zochepa chotero, komabe pa ntchito yofananitsa mabuku ndimaiona yofooka. Belu la wotchi yowerengera mphindizo limalira mutangoyamba kuona pamene palakwika, ndipo mphindi 5 zopumazo zimathera pa foni, kumene uthenga umodzi umabala ina itatu. Ndi yabwino polowetsa malisiti, ntchito imene mungaisiye paliponse.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi kudula ntchitoyo pawiri ndi kuika pakati pake nthawi yodziwika yolandirira anthu. Kuyambira 7:30 mpaka 8 koloko muthane ndi onse opita kumadera, kuti asakhale ndi chifukwa chobwereranso. Kuyambira 8 koloko mpaka 9:30 mutseke chitseko n'kuchonga zonse zimene zikupezeka m'buku ndi pa sitetimenti pomwe. Kenako mutsegule mpaka 10:15, muyankhe mauthenga ndi kusayina mapepala, ndipo kuyambira 10:15 mpaka 11:45 mufufuze zotsala, monga macheke amene sanatapidwe ndi ndalama zimene banki yadula. Musanatsegule chitseko, lembani mzere umodzi wonena pamene mwalekezera ndi chimene mukukayikira, popeza mzere umenewo ndi umene umakubwezerani msanga m'ntchito.

Mphamvu ya njirayi yagona pa zimene mlendo amauzidwa. Kapepala kongoti musasokoneze kamamveka ngati mwano, pamene mlembi akanena kuti, "Pepani bambo, akauntanti akuonani 9:30, takhalani pansi," munthuyo amadziwa kuti sanakanidwe. Koma lonjezolo liyenera kusungidwa, chifukwa mukatsegula mochedwa kawiri kokha, anthu amasiya kukhulupirira nthawiyo n'kuyambanso kugogoda.

Foni nayo ili ndi njira ziwiri. Kuizimitsa kumateteza kwathunthu, koma kumatsekeranso kunja abwana ndi a kusukulu kwa mwana. Njira inayo ndi Do Not Disturb, imene imaletsa foni kulira koma imalola kusankha manambala amene angadutse, ndiponso imatha kulola munthu amene waimba kachiwiri motsatizana, pasanathe mphindi 15 pa Android kapena mphindi 3 pa iPhone. Chilolezo chachiwirichi n'chofunika kuchiganizira bwino, chifukwa kwathu kuno anthu ambiri akapanda kuyankhidwa amaimbanso nthawi yomweyo ngakhale nkhaniyo si ya mwadzidzidzi, choncho ndi bwino kuchichotsa n'kusiya manambala ochepa osankhidwawo. WhatsApp Web itsekedwenso pa kompyuta, apo ayi mauthenga amene mwawatsekereza pa foni adzatulukira pamwamba pa tsamba la manambala.

Njira zitatu zonsezi zimagwa ngati wosokonezayo ndi abwana eni ake. Pamenepo kalendala siithandiza pokhapokha mutagwirizana nawo dzulo lake, powafunsa kuti, "Bwana, kuti lipoti lifike 12 koloko ndikufunika nthawi ziwirizi, kodi pali chimene mungafune ndisanatseke?" Akalonjeza koma n'kumaitanabe, chotsala ndi kukagwirira chigawo chachiwiri m'chipinda cha misonkhano, mlembi yekha akudziwa kumene muli.